Mwafufuta jumbo pachithunzi, koma pamalopo pakhala ngati paziridwa?

Kuyambira Febuluwale mpaka Epulo, madera a Santhe, Chamama ndi Lisasadzi ku Kasungu amajambulika bwino kwambiri. Dziko ndi lathyathyathya, thambo ndi lalikulu, fodya wa bale wafika m'chiuno, ndipo m'zigafa masamba ayamba kufiirira. Vuto ndi loti kumunda si ku situdiyo. Mumajambula bwinobwino, kukafika kunyumba n'kuona kuti pamapazi pa agogo pali jumbo yabuluu, pamwamba padutsa waya wa ESCOM, ndipo kumbuyo kuli njinga ya munthu wina yotsamira pansichi ya chigafa.

Apa m'pamene ambiri amatsitsa apu yofufutira zinthu, n'kukhwekhwereza chala pa jumbo ija kamodzi n'kamodzi. Jumbo imachokadi. Koma pamalo pake pamatsala chigamba chambuu, chosalala ngati pakhonde pamene mayi angozira kumene, mzere wa fodya utathyoka pakati ngati galimoto yadutsapo. Aliyense woona chithunzicho maso ake amathamangira pomwepo, kuposa mmene akanachitira ndi jumbo ija.

Kuziririka kumeneku kuli ndi zifukwa zake, ndipo nthawi zambiri kumakonzeka. Tigwiritsa ntchito Snapseed, apu ya Google imene ndi yaulere, yopanda zotsatsa malonda, komanso yogwira ntchito ngakhale bandulo itatha. Mukangoitsitsa kamodzi, basi. Pa mafoni a Tecno ndi itel amene ambiri tili nawo imayenda popanda kuvuta. Kaonekedwe ka mabatani kamasiyanako pang'ono potengera foni komanso mtundu wa apu umene muli nawo, koma chida chimene tikufuna dzina lake ndi limodzi: Healing.

Apu siona kuseri kwa jumbo

Chinthu choyamba kuchimvetsa n'chakuti kuseri kwa jumbo ija kulibe chilichonse. Kamera sinajambule dothi limene linabisika. Choncho mukapaka chala pa jumbo, Healing imayang'ana zimene zazungulira malowo, n'kubwereka tizidutswa ta chithunzi kuchokera pafupi, n'kumata pabowopo, kenako n'kusalaza m'mphepete kuti msoko usaoneke. Ili ngati telala amene akuika chigamba pa malaya podula kansalu m'munsi mwa malaya omwewo.

Telala ameneyu zimamuyendera ngati nsalu ndi ya mtundu umodzi. N'chifukwa chake kufufuta mbalame pathambo kumatheka ndi kadontho kamodzi: kumanzere kuli buluu, kumanja buluu, palibe cholakwitsa. Masamba a fodya oonekera patali nawonso savuta kwenikweni, chifukwa ndi osokonekera kale, ndipo tsamba likabwerekedwa kuchokera pambali palibe angadziwe. Koma nsalu ikakhala ya mizeremizere, chigamba chiyenera kukumana ndi mzere uliwonse, ndipo apa ndi pamene apu imagwa. Tsoka lake, kumunda wa fodya kwadzaza mizere: mizere ya m'munda, nsichi za chigafa, mikangala yolenjekapo masamba, mphepete mwa denga, ndi malire a dziko ndi thambo amene ku Kasungu amakhala owongoka ngati alembedwa ndi lula.

Ndiye kuziririka kumabwera pamene mwapaka malo aakulu kamodzi, kapena pamene chala chanu chadutsa malire a zinthu ziwiri zosiyana. Mukapaka jumbo n'kukhudzako nsapato ya agogo, apu imasakaniza chikopa cha nsapato ndi dothi, zotuluka zake n'phala. Sikuti foni yanu ndi yotchipa ayi. Mwaipatsa funso lopanda yankho.

Musanayambe, funsani kumene chithunzi chachokera

Pali chifukwa china chimene sichikhudza chala chanu n'komwe. Kamera ya mamegapikiselo 12 imatulutsa chithunzi cha timadontho 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi. Chithunzi chomwecho chikatumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse, chimafinyidwa kufika pafupifupi 1600 m'litali. Ndiye kuti jumbo imene inali ndi timadontho 200 m'lifupi yatsala ndi 80 okha, ndipo mchenga, timiyala ndi tiudzu ta pansi zasungunuka kale. Apu ikamabwereka kuchokera pa dothi losungunuka, imamata dothi losungunuka.

Choncho ngati amene anajambula ndi msuweni wanu, musakonze chimene chafika pa gulu la banja. Muuzeni atumize chenichenicho kudzera pa Document mu WhatsApp, kapena mukakumana akupatsireni pa Bluetooth. Batani la HD limathandizako, koma nalonso limafinya ndithu. Sikirinishoti ndiye musayerekeze n'komwe.

Mu Snapseed, lowani mu Settings, pa Format and quality musankhe JPG 100%. Chithunzi cha JPG chimatayako pang'ono ubwino wake nthawi iliyonse mukachisunga mwatsopano, ndipo pa ntchito ngati ino mukhoza kusunga kawiri kapena katatu. Ndipo chithunzi choyambirira musachifufute m'foni ngakhale malo atachepa bwanji. Zithunzi zina, makamaka za anthu akuluakulu, sizijambulikanso kachiwiri.

Chithunzi chimodzi, zofufuta zitatu

Tiyerekeze chithunzi ichi. Mtsikana wamaliza maphunziro ku koleji, wapita kumudzi ndi gauni kuti ajambulitse ndi agogo ake aamuna kutsogolo kwa chigafa, pakuti fodya wa m'chigafamo ndi amene analipira fizi. Pachithunzi pali waya wodutsa pathambo n'kukabisala kuseri kwa denga la chigafa. Pali jumbo yabuluu pansi, pafupi ndi phazi la agogo, itakhala pamwamba pa mzere. Pali njinga yotsamira pansichi, theka lake litabisika ndi phewa la mtsikanayo.

Tsegulani chithunzi mu Snapseed, dinani Tools, kenako Healing. Mupeza kuti palibe batani lochepetsera kapena kukulitsa bulashi, ndipo ambiri amaganiza kuti apu ndi yoperewera. Bulashi imachepa mukakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri. Chala chanu chimakhala chomwecho pa sikirini, koma chithunzi chikakula, malo amene chala chikuphimba amachepa. Chinsinsi chonse cha Healing chagona pamenepa. Amene amapaka chithunzi chikuoneka chonse pa sikirini ali ngati munthu wopalira nazale ndi pulawo.

Yambani ndi waya. Kulitsani mpaka waya aoneke wonenepa ngati chingwe cha ng'ombe, ndiye muzipaka motsatira wayayo, kachigawo kakafupi nthawi imodzi, kotalika ngati theka la chala. Pamene mukupaka pamaoneka kufiira, mukachotsa chala pamatsekeka. Pathambo loyera ziyenda mofulumira. Samalani pa mitambo: waya akadutsa m'mphepete mwa mtambo, imani, mudonthetse kadontho kamodzikamodzi m'malo mokoka. Mukayandikira denga la chigafa, musalikhudze. Siyani kachidutswa kakang'ono ka waya pafupi ndi udzu wa denga, kulitsani chithunzi mpaka pamapeto, ndiye mukachotse ndi timadontho tiwiri kapena titatu, kuchokera mbali ya thambo kulowera ku denga. Ngati katsala kanthu kakuda kakang'ono, kasiyeni. Pa denga la udzu kamangooneka ngati udzu wotulukira, pamene denga lodyeka m'mphepete limaonekera patali.

Mukamaliza waya, dinani chizindikiro cha kuchonga kuti mutseke Healing, kenako muitsegulenso poyamba jumbo. Zioneka ngati kutaya nthawi, koma pali phindu lake. Snapseed imasunga ntchito iliyonse payokha, ndipo mukadina kachizindikiro ka pamwamba kooneka ngati mapepala osanjikizana n'kusankha View edits, mutha kuchotsa ntchito ya jumbo yokha ikalakwika, ya waya n'kutsala bwinobwino. Mukachitira zonse mu Healing imodzi, zimafera limodzi.

Jumbo ndi yovutirapo chifukwa yakhala pamzere, ndipo mzere uli ndi mbali yowala ndi mbali ya mthunzi. Musaizungulire yonse. Idyeni pang'onopang'ono kuchokera m'mphepete ngati mmene mbewa imadyera chinangwa, ndipo chala chiziyenda motsatira kumene mzere ukulowera, osati moupingasa. Yambani ndi gawo la jumbo limene lili pa mbali yowala, kuti apu ibwereke dothi lowala. Mukatero pitani ku gawo la mumthunzi. Pakati, pamene kuwala ndi mthunzi zikumana, pakhale pomalizira, ndi timadontho ting'onoting'ono. Mbali imene yayandikira nsapato ya agogo muisiyire kampata kopyapyala, kenako mukulitse kwambiri n'kuchotsa kabuluu kotsalako.

Kadontho kalikonse kakatuluka moipa, dinani kamuvi kobwerera kamene kali pansi nthawi yomweyo, n'kuyesanso mutasuntha chala pang'ono. Apu imabwereka malo ena mukasintha poyambira ngakhale pang'ono chabe, choncho kuyesa kachitatu kumatha kupereka zimene koyamba kanakana. Chimene simuyenera kuchita ndi kupaka pamwamba pa malo oziririka kuti muwakonze. Apu imayamba kubwereka phala lomwe lija, chigamba n'kumakulirakulira.

Ndipo musaiwale mthunzi wa jumbo. Dzuwa la ku Kasungu ndi lakuthwa, ndipo mthunzi wopanda mwini wake pansi ndi umboni woyamba woti pachotsedwa chinthu.

Kuzindikira kuti zalakwika

Pa sikirini yaing'ono, padzuwa, chilichonse chimaoneka bwino. Khalani pamthunzi, wonjezerani kuwala kwa foni, ndiye muyang'ane malo aja kawiri: mutakulitsa, komanso chithunzi chili chonse. Zolakwika zina zimaoneka pafupi, zina patali. Pafupi mudzaona kusalala, malo amene alibe timchenga pamene pozungulira ponse tilipo. Patali mudzaona mzere wothyoka kapena nsichi yopindika ngati ili m'madzi.

Cholakwika chimene chimabisala kwambiri ndi mapasa. Popeza apu imabwereka, nthawi zina imatenga kamwala kapena tsamba lokhala ndi chibowo cha mbozi n'kuliika kachiwiri pafupi ndi mwini wake. Maso a munthu amagwira zinthu zofanana mofulumira modabwitsa, ngakhale iye asanadziwe chimene chamusokoneza. Mukapeza mapasa otere, donthetsani kadontho kakang'ono pa mmodzi wa iwo, atha.

Nanga chigamba chosalala chija, ngati mwabwerera kangapo koma sichikutheratu? Pali njira yochibisira. Chimene diso likuona ndi kusiyana pakati pa dothi la timchenga ndi malo osalala, ndiye mukathira timchenga tofanana pachithunzi chonse, kusiyanako kumachepa. Tsegulani Grainy Film, tsitsani Style Strength kufika pa 0 kuti mitundu isasinthe, ndipo Grain muyiike pakati pa 10 ndi 20. Kupitirira apo nkhope zimayamba kuoneka ngati za m'nyuzipepala yakale. Anthu ena amathamangira ku Details n'kukweza Structure poganiza kuti malo ambuu athwa. Sathwa. Chimene chimathwa ndi dothi lozungulira, ndipo chigamba chimaonekera kuposa kale.

Njinga ija

Apa ndinene mosabisa: Healing siingachotse njinga imeneyi bwino, ngakhale mutakhala nayo usiku wonse. Yaphimba nsichi, mikangala iwiri kapena itatu, ndi masamba olenjekeka, komanso yakhudzana ndi phewa la gauni. Kuti ichoke, apu iyenera kumanganso chigafa chimene sinachionepo. Zimene mupeze ndi nsichi yoduka pakati ndi gauni yakuda yotayikira m'masamba.

Poyamba onani ngati Crop singathandize. Ngati njinga ili cha m'mphepete, kudula chithunzi kuti chikhale choimirira kumaichotsa popanda kunamizira kalikonse, ndipo chithunzi choimirira ndi chimene chimakwana bwino pa sitetasi. Anthu amanyoza kudula ngati ntchito ya ophunzira kumene, koma pa zinthu zazikulu nthawi zambiri ndi kumene kumapambana.

Ngati kudula kudya phewa la mwini mwambo, fufuzani m'foni ya amene anajambula. Palibe amajambula kamodzi pa tsiku ngati limeneli. Mwina pali china chojambulidwa pamalo omwewo mwini njinga atachoka, ngakhale kuti pa chimenecho agogo anatsinzina. Chithunzi chimenecho chili ndi chinthu chimene apu ikusowa, chomwe ndi chigafa chenicheni kuseri kwa njinga.

Tsegulani chithunzi chabwino chija, dinani Tools, kenako Double Exposure. Dinani kachizindikiro kowonjezera chithunzi, musankhe chachiwiricho. Kanthu kooneka ngati dontho la madzi kamasintha kuonekera kwa chithunzi chapamwamba. Kaikeni pakati kuti muziona zonse ziwiri, ndiye musunthe chapamwamba ndi zala mpaka nsichi za apa ndi apo zigonane. Musavutike ndi chithunzi chonse, bola nsichi ndi mikangala ya pamene pali njinga zikumane. Zikakumana, kokerani dontho lija kumanja mpaka pamapeto n'kuchonga. Tsopano mukuona chithunzi chachiwiri chokha, agogo atatsinzina, koma musadandaule. Pitani ku View edits, dinani Double Exposure, musankhe kachizindikiro ka bulashi. Chithunzi choyamba chibwerera, ndipo pamene mupake pokhapo ndi pamene chachiwiri chionekere. Pakani pa njinga, mutakulitsa, mosamala kwambiri m'mbali mwa phewa. Mukalowa mu gauni, tsitsani nambala ya bulashi kufika pa 0 n'kupakanso pamenepo kuti pabwerere.

Njirayi imafuna kuti wojambula akhale kuti sanasunthe kwambiri komanso kuwala kusasinthe. Ngati mtambo unaphimba dzuwa pakati pa zithunzi ziwirizo, chigamba chituluka chakuda kuposa pozungulira, ndipo mufunika kuchiwalitsa ndi chida cha Selective. Koma chikakhala bwino, palibe kuziririka kulikonse, chifukwa palibe chimene chapekedwa.

Ena afunsa za Magic Eraser ya mu Google Photos. Inayamba mu 2021 pa mafoni a Pixel 6, ndipo kuyambira mu Meyi 2024 Google inaitsegulira anthu onse kwaulere, ngakhale mafoni a memole yochepa kwambiri saipeza. Imeneyi imagwiritsa ntchito nzeru zopangira makina: imazindikira yokha kuti iyi ndi njinga, uyu ndi munthu, n'kulosera zimene zingakhale kuseri. Pa munthu woima patali m'munda imachita bwino kuposa Healing, komanso mofulumira. Pa mikangala ndi nsichi nayonso imalota zake, ndipo imakonda kusiya malo osalala. Ikatero, sungani kope, mukamalizire m'mphepete ndi Healing komanso timchenga tija. Google inaikamonso Camouflage, imene sichotsa chinthu koma imangozimitsa mtundu wake kuti ufanane ndi pozungulira. Pa chigubu chachikasu chimene chili pamalo ovuta, imeneyi imaposa kufufuta, chifukwa chimene chimakoka maso ndi chikasucho, osati chigubu.

Kunena zoona, ine njinga ija ndikanaisiya. Jumbo ndi chinyalala, waya ndi chosokoneza, koma njinga yotsamira pa chigafa ndi mmene kumudzi kumaonekera. Pakatha zaka 20, mwina wina m'banjamo adzaizindikira kuti inali ya ndani.

Pali zithunzi zina zosayenera kuzigwira n'komwe. Ngati mukujambula fodya kuti muonetse wogula, mlangizi kapena kalabu yanu, musafufute nkhungu, madontho a matenda, kapena tizidutswa ta pulasitiki ndi ulusi wa thumba. Zinthu zosakhala fodya m'belo ndi zimene zimabwezetsa mabelo ku okushoni, ndipo ku Chinkhoma satsegula chithunzi, amatsegula belo. Mlangizi naye akaona tsamba loyeretsedwa ndi apu akupatsani malangizo a munda umene kulibe. Chimodzimodzi zithunzi za ziphaso, malisiti, ndi zithunzi za kuwonongeka kwa mbewu zimene zingadzafunike ngati umboni.

Pomaliza ntchito, dinani Export kuti mupeze kope latsopano, choyambirira chikhale chosakhudzidwa. Ngati chithunzi cha agogo chikukatsukidwa kuti chiikidwe mu felemu, kumbukirani kuti pepala limaulula zimene sikirini imabisa. Chithunzi cha masentimita 10 kwa 15 chimafuna timadontho pafupifupi 1200 kwa 1800 kuti chituluke chakuthwa, pamene cha A4 chimafuna pafupifupi 2480 kwa 3508, choncho chofinyidwa ndi WhatsApp chija sichingakwane pa A4. Pitani nacho ku situdiyo pa memole khadi kapena mutumize ngati Document, ndipo muwapemphe atsuke kaye kakang'ono kamodzi. Mukayang'ane pamene panali jumbo, pa kuwala kwa panja, musanalipire chachikulu.